"Ingovomera zithe" ndi malangizo omwe akutsekeretsa amayi kundende

Atsikana anzanga, pali mawu awiri amene amamveka kwambiri pakhomo la polisi mayi akamangidwa. Oyamba ndi akuti "ingovomera zithe, akumvera chisoni." Achiwiri ndi akuti "loya waulere? Ameneyo ndi wa boma, akakupereka yekha." Amene amanena zimenezi nthawi zambiri ndi anthu otikonda: azakhali, amalume, mnzathu wa kumsika. Koma chikondi chawocho sichisintha kanthu, malangizowa ndi oipa. Mayi amene wawatsatira amalowa m'khothi yekha, navomera mlandu womwe sakuumvetsa, pomwe lamulo lidamuikira munthu woti amuimire.

Tiyambe ndi bodza lachiwirilo. Bungwe la Legal Aid Bureau lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 ndipo lidayamba kugwira ntchito palokha mu 2015. Kale inali nthambi chabe ya unduna wa zachilungamo, pano ndi bungwe loima palokha, lokhala ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba komanso m'maboma ena. Inde, malipiro a maloya ake amachokera ku boma. Nanga a dokotala wa pa chipatala cha boma amachokera kuti? Kodi ukadwala umati dokotalayo ali kumbali ya malungo? Loya wa Legal Aid adaphunzira malamulo omwewo amene adaphunzira loya wolipidwa mamiliyoni, ndipo malamulo a ntchito yake ndi amodzimodzi. Wozenga mlandu, amene kukhothi la majisitireti kawirikawiri amakhala wapolisi, ndiye ali kumbali ya boma. Loya wa Legal Aid amakhala mbali inayo, kumbali yako, kutsutsana ndi wapolisiyo.

Ndipo si chifundo ayi. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa ali ndi ufulu wolankhula ndi loya mwachinsinsi, ndipo pomwe chilungamo chikufunika kutero, boma limupatse loya. Ukapempha loya sukupempha zachifundo ngati wopempha mchere kwa aneba.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze nkhani imodzi, yofanana ndi zambiri zimene timamva. Mayi wa zaka 26, wogulitsa kaunjika, wa ana awiri, akukhala ku Ndirande. Mwamuna wake wakhala akumumenya kwa zaka zitatu. Lachisanu usiku bamboyo wabwera ataledzera, wamupanikiza kukhoma, wamugwira pakhosi. Mayiyo wagwira mpeni umene amadulira ndiwo, wamubaya pamkono kamodzi, bambo wagwa, aneba athamangira naye kuchipatala. Usiku womwewo mayiyo ali m'chitokosi, ndipo apolisi akuti amuzenga mlandu wovulaza munthu modetsa nkhawa. Mlandu umenewu chilango chake chachikulu ndi zaka 14.

Malo oyamba pomwe mlandu wake ungaonongeke ndi patebulo la wapolisi wolemba sitetimenti. Wapolisi afunsa kuti, "Amayi, munawabaya amuna anu?" Iye, ali ndi mantha, sanagone, akuganiza za ana, ayankha kuti, "Eya bwana, ndinawabaya, ndalakwa." Wapolisi alemba, nthawi zambiri m'Chingerezi, amuuza kuti asayine apa. Papepalapo mulibe za pakhosi paja, mulibe za zaka zitatu zija. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Pepala limeneli lidzamutsata mpaka kukhothi. Ambiri amaganiza kuti akadzafika pamaso pa majisitireti adzangonena kuti "anandikakamiza" pepalalo n'kutayidwa. Sizophweka choncho. Lamulo lathu la kazengedwe ka milandu limalola khothi kulandira sitetimenti yovomera ngakhale mwiniwake akunena kuti adakakamizidwa, kenako khothilo ndiye limaona ngati zolembedwazo zili zoona. Ndiye kuti loya adzakhala ndi ntchito yozimitsa moto womwe ukanapewedwa.

Zoti anene pamenepo ndi zochepa: dzina lake, kumene amakhala, kenako, "Bwana, ndilankhula ndikaonana ndi loya." Kukhala chete ndi ufulu wake, uli m'gawo 42 lomwelo. Si mwano, ndipo sikutanthauza kuti wavomera. Asasayine pepala limene sanaliwerenge kapena kuwerengeredwa m'chilankhulo chimene amamva.

Pamene iye ali m'chitokosi, ntchito ili kwa ife amene tili kunja. Lamulo limati womangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera tsiku lomwe khothi silikugwira ntchito, akaonekere tsiku loyamba lotsatira. Womangidwa Lachisanu usiku ayenera kukhala ali kukhothi Lolemba. Choncho mchemwali wake asathere Loweruka ndi Lamulungu lonse akungophika nsima yopititsa kupolisi. Alembe dzina la polisiyo, tsiku ndi nthawi imene mnzathuyu adamangidwa, mlandu womwe akumuganizira, ndi dzina la wapolisi amene akufufuza. Lolemba ofesi ya Legal Aid ikangotsegula akhale ali pakhomo ndi kapepalako. Kumeneko adzafunsidwa za mlanduwo ndi za kapezedwe ka womangidwayo, popeza thandizoli ndi la anthu amene sangakwanitse kulemba loya wawo. Ena amene amapeza pang'ono amauzidwa kuti asonkheko kangachepe, ndipo ndalama imeneyo imaperekedwa kuofesi, ndi lisiti. Aliyense wokuitanira kuseri kwa galimoto kuti "ya fyuwelo" kapena "yoti tikaone akuluakulu" akukubera.

Ngati Lolembalo loya sanapezeke ndipo mlandu wawerengedwa, apa ndi pomwe "ingovomera zithe" amapha anthu. Kuvomera mlandu kukhothi si kuvomera kuti unagwira mpeni basi. Ndi kuvomera kuti unachita zimenezo popanda chifukwa chimene lamulo limachilola. Mayi amene adagwidwa pakhosi, n'kubaya kamodzi kuti apulumuke, akhoza kukhala kuti sanalakwe n'komwe pamaso pa lamulo, chifukwa kudziteteza ndi kololedwa. Akati "ndikuvomera," wataya chitetezo chimenecho ndi pakamwa pake, ndipo chotsala n'kungokamba za kutalika kwa chilango. Apilo ya munthu amene adavomera yekha ndi yovuta kwambiri. Choncho angathe kuuza khothi mwaulemu kuti, "Bwana, ndapempha loya ku Legal Aid, ndikupempha nthawi kuti ndionane naye." Khothi likafuna yankho tsiku lomwelo, kukana mlandu sikumutsekera njira. Amene wakana lero akhoza kudzavomera mtsogolo atamva malangizo, pomwe amene wavomera lero kubwerera m'mbuyo n'kovuta.

Tsopano loya wapezeka. Ntchito yake yoyamba ndi belo. Khothi limafuna kudziwa zinthu zomveka: kodi munthuyu athawa? Kodi akasokoneza mboni? Loya sangayankhe mafunso amenewa ndi Chingerezi chokoma chokha. Akufunika umboni wochokera kwa iwe. Mnzathu wa ku Ndirande amuuze kuti ali ndi ana awiri, wamng'ono akuyamwa, ali ndi benchi mumsika, abale ake ali momuno. Abale apeze anthu awiri okhazikika, okhala ndi ziphaso zaunzika, oti akamuimire pa belo. Ndipo pali vuto lina lomwe ambiri saliganizira: mboni yaikulu ya boma ndi mwamuna wake, amene amagona naye nyumba imodzi. Wozenga mlandu adzanena kuti akatuluka akamunyengerera kapena kumuopseza. Loya akauzidwa msanga kuti mayiyu akakhala kwa mchemwali wake ku Chilomoni mpaka mlandu utatha, mfundo ya wozenga mlanduyo yagwa. Kachinthu kakang'ono ngati kameneka kangasiyanitse kugona kwanu ndi kugona ku Chichiri.

Belo ikakanidwa, palinso malire. Kuyambira pomwe lamulo lidasinthidwa mu 2010, munthu amene mlandu wake ndi wa kukhothi la majisitireti sayenera kusungidwa pa rimandi kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe, ndipo boma likapempha kuonjezera, khothi silingapitirire masiku ena 30. Pa milandu ikuluikulu ngati yakupha, malire ake ndi masiku 90. Tonse tikudziwa kuti kundende kuli anthu amene adapitirira masiku amenewa kalekale. Amakhalitsa chifukwa palibe amene akuwerenga masikuwo n'kukawatchula pamaso pa khothi. Loya ndiye amakatchula, koma kuwerenga kuyambire kwa iwe ndi abale ako.

Tifike pa nkhani imene ndikufuna tikangane nayo bwinobwino: kubisira loya. Amayi ambiri amalowa m'chipinda ndi loya wawo n'kuyamba kudziyeretsa ngati ali pamaso pa apongozi. Tidaleredwa kuti za m'banja sizituluka panja, kuti mkazi wabwino saulula zoti amamenyedwa, saulula zoti nayenso adatukwana, saulula zoti adamwako tsiku limenelo. Manyazi amenewa kukhothi ndi msampha. Zimene wauza loya wako pofuna thandizo pa mlandu wako ndi zachinsinsi, lamulo limaziteteza, ndipo sangapite nazo kwa wapolisi kapena kwa majisitireti popanda chilolezo chako. Chitetezo chimenechi kulibe kwa mnzako wa m'chitokosi, kulibe kwa aneba, kulibe pa gulu la WhatsApp la kumpingo. Onsewo akhoza kuitanidwa kudzachitira umboni. Koma ife timachita zotembenuza: kwa aneba timakhuthula zonse, kwa loya timapereka theka.

Taonani mmene theka limapwetekera. Tiyerekeze kuti sabata imodzi izi zisanachitike, mnzathuyu atamenyedwa adatumizira mwamuna wake uthenga pafoni woti "tsiku lina ndidzakupweteka." Wachita manyazi, sanamuuze loya. Tsiku la mlandu wozenga mlandu akutulutsa uthengawo, akuwerenga mokweza, akuti mayiyu adakonzekera. Loya akumva koyamba limodzi ndi anthu onse, alibe choyankha. Akanauzidwa kale, akanafunsa kuti uthengawo udalembedwa liti, akanapeza kuti tsiku lomwelo mayiyu adapita kuchipatala ndi diso lotupa, akanabweretsa kabuku ka kuchipatala, ndipo uthenga womwewo ukanasanduka umboni wa nkhanza zimene ankakumana nazo. Chinthu choipa chimene loya akuchidziwa amachikonzekera. Chimene sakuchidziwa ndiye chimakugwetsa.

Ena anena kuti, "Nanga ndikamuuza kuti ndidachitadi, andithandizabe?" Eya, akuthandizabe, koma pali malire ndipo ndi bwino uwadziwe. Loya sangauze khothi bodza. Ukamuuza kuti unabaya, sangaimirire n'kunena kuti unali ku Lunzu tsiku limenelo, ndipo sangakubweretsere mboni yonama. Chimene angachite n'kuonetsetsa kuti boma latsimikiza mlandu wake mopanda chikaiko, popeza udindo umenewo ndi wa boma, n'kuika pamaso pa khothi chifukwa chimene unachitira zimenezo. Nthawi zina adzakuuza zowawa. Nkhani ija itakhala kuti bamboyo adamenya mkazi wake, n'kukagona, mkaziyo n'kumubaya ali mtulo patapita maola awiri, loya woona mtima adzanena kuti kudziteteza pamenepo n'kovuta kukuimika, chifukwa ngozi inali itadutsa. Akhoza kulangiza kuvomera, mwina mlandu wocheperapo ngati boma lilola, n'kulimbikira pa kuchepetsa chilango: kuti ndi koyamba kupalamula, kuti pali ana aang'ono, kuti pali mbiri ya nkhanza yolembedwa. Kwa wopalamula koyamba, lamulo limafuna kuti khothi liganizire kaye zilango zina lisanamutumize kundende. Kuvomera kotereku n'kosiyana kutalitali ndi kwa azakhali kuja. Uku wavomera utaona umboni wa boma ndipo ukudziwa chimene ukugula ndi mawu akowo. Chigamulo chovomera kapena kukana chimakhalabe chako. Loya amalangiza, sakulamula.

Umboni wa nkhanza zija sudzabwera wokha. Loya alibe nthawi yoyenda mu Ndirande kufunsa khomo ndi khomo. Abale asonkhanitse kabuku ka kuchipatala komwe kali ndi masiku amene adavulazidwa, kalata iliyonse ya ku ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza ngati adakadandaulako, mayina a ankhoswe amene adakambapo nkhanizi, ndi aneba amene adamva kukuwa usiku umenewo. Mabala a pakhosi amazimirira pa masiku ochepa, choncho apemphe kupita kuchipatala akadali m'manja mwa apolisi, ndipo wachibale ajambule mabalawo ngati n'kotheka. Mauthenga a pafoni asafufutidwe, ngakhale ochititsa manyazi. Mboni zisaphunzitsidwe zonena. Mboni yophunzitsidwa imagwa ndi mafunso atatu, ndipo ikagwa imagwetsa ndi zoona zomwe.

Sindikunamizani kuti ku Legal Aid zonse zili bwino. Maloya ndi ochepa, milandu ndi yambiri, mmodzi amanyamula mafayilo ochuluka kuposa amene munthu angawakumbukire pamtima. Udzaimba foni osayankhidwa. Mlandu udzasunthidwa tsiku chifukwa loya ali kukhothi lina. Izi n'zoona ndipo boma liyenera kufunsidwa chifukwa chake bungweli limapatsidwa ndalama zosakwana. Koma amene amati "ndiye bola kungopita wekha" akutiuza kuti poti basi yadzaza, tiyende pansi mpaka ku Mzuzu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dziwa dzina la loya wako ndi nambala ya fayilo yako. Gula kope la mlanduwu lokha, ulembemo zonse motsatana ndi masiku ake, kuti mphindi khumi zimene wapeza ndi loya zisathere pa "zinayamba kalekale." Nthawi iliyonse musanasiyane mufunse mafunso atatu: "Aloya, tsiku lotsatira ndi liti? Tsiku limenelo kudzachitika chiyani? Ine ndibweretse chiyani?" Banja lisankhe munthu mmodzi wolankhula ndi ofesi, osati lero amalume, mawa mlamu, aliyense ndi nkhani yake. Ukasintha nambala ya foni kapena nyumba, uza ofesi tsiku lomwelo.

Kutanganidwa kwa loya n'kosiyana ndi kukutaya, ndipo kusiyanako kumaoneka. Ngati tsiku loyankha mlandu lafika asanakhale nawe pansi n'kumva mbali yako, ngati akukukankhira kuvomera osakufotokozera umboni umene boma lili nawo, ngati akujomba kukhothi kangapo popanda uthenga, ngati akupempha ndalama yopanda lisiti, kapena akuyamba zokufuna chibwenzi, zimenezo si kuchuluka kwa ntchito. Lemba kalata kwa mkulu wa ofesiyo, sunga kope yake, pempha kuti fayilo ipite kwa wina. Za khalidwe loipa la loya aliyense zimakadandaulidwanso ku Malawi Law Society. Kulandira thandizo laulere sikukusandutsa munthu wosayenera kudandaula.

Msampha womaliza umabwera mnzathuyu atatuluka pa belo. Bambo uja wachira, ankhoswe akhala pansi, akuti "nkhani yatha, tagwirizana pachibale, kukhothi usapitenso." Mlandu suola, anzanga. Mlandu wovulaza munthu ndi wa boma, ndipo umatha khothi likanena kuti watha. Akajomba tsiku limodzi, khothi litulutsa chikalata chomumangira, belo ithetsedwa, ndipo anthu awiri amene adamuimira aja alowa m'mavuto. Ngati belo idati asalankhule ndi mboni, ngakhale kupita kukapepesa kwa mwamunayo kungamubwezere m'chitokosi. Mwamunayo akafunadi kuti nkhani ithe, uthengawo upite kwa loya, iye ndiye akadziwa poutula. Ndipo mlandu ukamugomera, asadikire kuti mtima ukhale pansi kaye: chidziwitso choti akufuna kuchita apilo chimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 10 chigamulo chitaperekedwa. Funso la apilo lifunsidwe tsiku lomwelo, loya asanatuluke pageti.

Timalankhula kwambiri za mayi ngati wodandaula, ndipo n'koyenera. Koma mayi yemweyo amene dzulo ankadandaula za nkhanza, mawa akhoza kukhala m'bokosi la woimbidwa mlandu, ndipo tsiku limenelo ambiri amene ankamumvera chisoni amathawa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Fufuza lero pomwe pali ofesi ya Legal Aid ya kufupi ndi kwanu, uuzenso mchemwali wako ndi mnzako wa pamtima. Ndipo tsiku lina ukadzamva azakhali pakhomo la polisi akunong'oneza mwana wawo kuti "ingovomera zithe," udzawayankhe mwaulemu kuti, "Ayi azakhali, ayambe waonana ndi loya."